Waya Wotchinga Udzudzu pa Mazenera: Wokhomerera Kapena Wochotseka?

Lero tikambirana za mazenera a nyumba zathu, ndi m'mene tingawatchingire kuti mphepo izilowa koma udzudzu uzitsala panja.

Udzudzu umene umafalitsa malungo ndi waukazi, wa mtundu wa anofelesi, ndipo umaluma kuyambira madzulo kufikira m'bandakucha. Neti imateteza mwana pamene wagona m'kati mwake, koma nthawi imene akudya nsima yamadzulo kapena kusewera pamphasa, chimene chingamuteteze ndi nyumba yotchingidwa bwino. M'dziko la Gambia, ofufuza anafalitsa zotsatira zawo m'chaka cha 2009, zosonyeza kuti m'nyumba zotchingidwa udzudzu wolowa unachepa pafupifupi ndi theka, ndiponso ana operewera magazi anali ochepa kusiyana ndi a m'nyumba zosatchingidwa.

Choyamba ndi kusankha waya. Waya wa khola la nkhuku alibe ntchito pano, chifukwa maso ake ndi aakulu. Wofunika ndi waya wa timaso tating'ono, amene m'masitolo amatchedwa gozi. Diso lililonse lisapose milimita imodzi ndi theka. Popita kukagula, tengani lula ya mwana wa sukulu, muyiike pa wayayo ndi kuwerenga timaso. Pa inchi imodzi pakhale timaso 16 kapena 18, ndiye kuti 6 kapena 7 pa sentimita imodzi. Ngati mulibe lula, yesani ndi kamtengo ka machesi: kakalowa m'diso mosavuta, waya ameneyo musagule. Komanso musafune wa timaso tating'onotingono kwambiri, pakuti amachepetsa mphepo, nyumba imatentha, ndipo banja limayamba kukhala panja usiku, komwe kuli udzudzuwo.

Waya wachitsulo ndi wolimba, ndipo makoswe samuboola msanga, koma amachita dzimbiri akakhalitsa pamvula. Mudzamuzindikira kuti watha akayamba kufiira ndi kuthetheka mukamukhudza. Wa aluminiyamu sachita dzimbiri lotere, koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo akapindika sawongokanso bwino. Wa faibagalasi ndi wa pulasitiki ndi wofewa ngati nsalu, sachita dzimbiri, ndipo amadulika ndi sizasi, koma mwana akhoza kumuboola ndi kamtengo, makoswe amamudya, ndipo kandulo kapena koloboyi akayandikira amamuwononga. Chotero pa zenera la m'munsi limene ana amafikira, kapena la pafupi ndi moto, ikani wachitsulo kapena wa aluminiyamu.

Chachiwiri ndi felemu, ndiye kuti matabwa amene wayayo amakhomedwapo. Pali felemu yokhomerera, imene imakhala pamalo pake osachoka, ndipo pali yochotseka, imene imagwidwa ndi tizitsekerero kapena mahinjesi. Funso limene lidzakuthandizani kusankha ndi ili: kodi zenera lanu limatsekukira kuti?

Ngati limatsekukira m'kati, kapena ndi la maluvazi lokhala ndi chogwirira cha m'kati, felemu yokhomerera kunja ndiyo yabwino koposa. Ubwino wake ndi wakuti palibe amene angaiwale kuibwezera, ndipo m'mbali mwake mukhoza kumata kotheratu. Kuipa kwake ndi kwakuti kupukuta magalasi kumavuta, ndipo waya akang'ambika pafunika kuzula misomali.

Koma mazenera ambiri achitsulo amatsekukira kunja. Pamenepo waya ayenera kukhala m'kati, ndipo dzanja liyenera kufikira chogwirira. Mukakhomerera waya pa zenera lotere, simudzathanso kulitsegula kapena kulitseka, ndipo tsiku lina wina adzaboola wayayo kuti alowetse dzanja. Apa pafunika felemu yochotseka kapena ya mahinjesi. Yotereyi imatsukika mosavuta, koma ili ndi zovuta ziwiri. Matabwa amafufuma m'dzinja ndi kupindika m'chilimwe, motero m'mbali mumatsala mipata. Ndiponso ikachotsedwa masana, kawirikawiri imaiwalika mpaka usiku. Lamulo la pabanja likhale lakuti felemu zonse zibwerere pamalo pake dzuwa lisanalowe, nthawi imene nkhuku zikulowa m'khola.

Tsopano titenge chitsanzo cha zenera la chipinda chogona ana, lotsekukira m'kati, la masentimita 90 m'lifupi ndi 120 m'litali. Felemu iyenera kupitirira zeneralo ndi masentimita 5 mbali zonse zinayi kuti igone pakhoma, choncho idzakhala ya 100 m'lifupi ndi 130 m'litali. Muuzeni kalipentala adule matabwa a masentimita 5 m'lifupi: awiri otalika 130 oimirira, awiri otalika 90 a pamwamba ndi pansi, ndi limodzi lina la 90 lopingasa pakati kuti waya asalendewere. Onse pamodzi ndi masentimita 530. Matabwawo apakidwe penti asanakhomedwe, poopa chiswe ndi mvula.

Pogula waya, ambiri amaphonya apa. Amagula wa masentimita 90 m'lifupi poganiza kuti alingana ndi zenera, koma ameneyu amathera m'mphepete mwa thabwa ndipo pokhomera misomali pamasowa. Gulani wa 120 m'lifupi, wotalika 130, ndipo chidutswa chotsalacho musunge kuti chidzakhale chigamba. Khomani mbali ya pamwamba poyamba, mukokere waya pansi kuti akungike, kenaka mukhome m'mbali, kusiya mpata wa zala zitatu pakati pa misomali. Pamwamba pa misomaliyo pakhomedwe kathabwa kopyapyala, chifukwa waya amayamba kung'ambikira pamutu pa msomali. Pomaliza, matani simenti kapena dothi pakati pa felemu ndi khoma.

Kodi mungadziwe bwanji kuti ntchito yatheka? Masana, imani m'chipindamo ndi kuyang'ana m'mphepete mwa felemu. Pamene pakuoneka kuwala, kapena pamene kamtengo ka machesi kakulowa, udzudzu ulowanso. M'mawa yang'anani wayayo cham'kati. Mukapeza udzudzu utatera pamenepo kufuna kutuluka, makamaka wa mimba yofiira ndi magazi, dziwani kuti unalowera pena. Kawirikawiri pamakhala pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga, pakuti anofelesi akafika pakhoma amaulukira m'mwamba kutsata fungo la anthu. Mpata umenewu utsekedwe ndi njerwa ndi dothi, kapena ndi waya yemweyo. Yang'ananinso kunsi kwa chitseko ndi m'timabowo ta mphepo ta pamwamba pa mazenera. Nyumba ikatsekedwa motere, mbaula ya makala isayakenso m'chipinda chogona.

Kamodzi pa mwezi sasani fumbi ndi mwaye ndi burashi yofewa, ndipo mutsuke ndi madzi a sopo, chifukwa timaso tikatsekeka mphepo siilowa. Pamene pabooka, dulani chigamba chokulirapo kuposa bowolo ndi kuchisokerera tsiku lomwelo. Ngati ndalama sizikwanira mazenera onse, yambani ndi chipinda chimene mumagona ana ndi mayi woyembekezera.

Ngakhale mazenera atchingidwe, mwana azigonabe m'neti usiku uliwonse, pakuti chitseko chimatsegulidwa ndipo udzudzu umodzi ndi wokwanira kumudwalitsa. Thupi lake likatentha, bwerani naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayezedwe magazi. Mukafika kunyumba lero, onani kumene zenera la chipinda cha ana limatsekukira, muliyeze, ndipo mukambirane ndi bambo a kunyumba.