Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo wa Tsiku la Matenda a Shuga, 14 Novembala



Pamisonkhano ngati uno timakamba kwambiri za shuga wokwera. Lero ndikufuna tikambe za shuga wotsika, makamaka za anzathu amene shuga amawatsikira osamva kanthu, mpaka kugwa.

Shuga akatsika pansi pa 70 mg/dL, kapena 3.9 mmol/L pamakina ena oyezera, thupi limadziteteza. Choyamba kapamba amatulutsa gulukagoni, amene amauza chiwindi kuti chitulutse shuga amene chinasunga. Kenako pamabwera adirenalini ndi minyewa yochenjeza, ndipo munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, mtima umagunda msangamsanga, njala imaluma. Zizindikiro zimenezi n'zosasangalatsa, koma ndi zimene zimamuthamangitsira kukadya bongo usanasowe chakudya.

Nanga zimathera kuti? Kwa wodwala shuga wa mtundu woyamba, gulukagoni amasiya kuyankha patangopita zaka zochepa, ndipo zimachitikanso kwa wa mtundu wachiwiri amene wakhala nthawi yaitali mpaka kufika pa insulini. Amatsala ndi adirenalini yekha. Tsono vuto n'lakuti shuga akatsika lero, mawa thupi limachenjeza mofooka ndiponso mochedwa. Zili ngati galu wapakhomo: mlendo akamabwera tsiku lililonse, galuyo amaleka kuuwa. Kutsika kumodzi kumaitana kwina, mpaka chizindikiro choyamba chimakhala kusokonezeka mutu, kulankhula mokoka lilime, kapena kukomoka kumene.

Tiyerekeze bambo wina amene wakhala akudzibaya insulini kwa zaka 12. Amabaya m'mamawa n'kupita kudimba asanadye, akumati phala adzamwa pobwera. Khasu limadya shuga wam'thupi, insulini nayenso akugwira ntchito, ndiye shuga amatsika katatu pamlungu. Kale ankanjenjemera makina akamaonetsa 65. Lero pa 50 akuti ali bwinobwino, koma mayi akunyumba akuona kuti akuyankha zosagwirizana ndi funso ndipo akupsa mtima popanda chifukwa. Anthu odutsa akuti waledzera. Bamboyu mwina akusangalala kuti shuga sakumuvutanso, chonsecho ngozi yawonjezeka.

Pali zina zimene zimakulitsa vutoli. Kutsika kwa usiku munthu ali m'tulo kumadutsa osadziwika. Mowa umalepheretsa chiwindi kutulutsa shuga. Impso zikafooka, insulini ndi mapilitsi a gilibenkilamaidi amakhalitsa m'thupi, ndiye mlingo wakale umakhala wochuluka. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, monga puropuranololo, amabisa kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima, ngakhale thukuta limatulukabe.

Uthenga umene ndabwera nawo ndi wakuti kwa anthu ambiri zizindikirozi zimabwerera. Mankhwala ake ndi kupewa kotheratu kutsika kwa shuga kwa milungu iwiri kapena itatu, ndipo ena zimawatengera miyezi itatu. Thupi likapuma, limayambanso kuchenjeza pa nthawi yake.

Kwa bambo wathu uja zingayende chonchi. Apite kuchipatala pamodzi ndi mayi akunyumba, chifukwa iwo ndi amene amaona zimene iye samva. Dokotala ayeze impso, aunike mankhwala onse, achepetse insulini ndi kulola kuti shuga akhale wokwererapo pang'ono kwa kanthawi. Milungu yochepa yotere siwononga maso kapena impso, pamene kukomoka uli wekha kudimba kungathe kupha. Bamboyo asamabaye popanda chakudya chokonzeka. Aziyeza asanagone, asanagwire khasu, asanakwere njinga kapena kuyendetsa galimoto, ndipo masiku ena pakati pa usiku. Makina akaonetsa pansi pa 70, kaya akumva kanthu kaya ayi, amwe madzi osungunuliramo masupuni atatu kapena anayi a tiyi a shuga, ayezenso pakatha mphindi 15, abwereze ngati sanakwere, kenako adye nsima, mbatata kapena buledi. Koma munthu akakomoka musamuthire chakumwa m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala.

Ndili ndi mapempho awiri. Inu achipatala, wodwala aliyense wa insulini kapena gilibenkilamaidi muzimufunsa kuti: "Shuga wanu akatsika mumamva? Mumayamba kumva pa nambala iti?" Inu odwala, musabise kuti munagwa poopa kukalipiridwa, ndipo musasiye kapena kusintha mankhwala panokha. Ngati zizindikiro zanu zinazimiririka, kanenenitu kuchipatala mlungu uno, kuti milungu itatu ija iyambe kuwerengedwa.