Mawu a Pansi pa Chithunzi

Lero tiwerenga Genesis chaputala 33, ndipo pambuyo pake tiyang'ana vesi limodzi chabe pa Genesis 35:29. Amene muli ndi Baibulo pafupi, tsegulani pamenepo.

Chaka chilichonse, Loweruka lomaliza la mwezi wa Febuluwale, kuno ku Mtenguleni kumasefukira anthu obwera ku Nc'wala, pamene Nkhosi yama Nkhosi Mpezeni amalawa zipatso zoyamba za m'munda. Mwambowu unayambanso mu 1980 utakhala woletsedwa zaka zambiri, ndipo ife amene tauona kuyambira nthawi imeneyo tazindikira kuti umachita ntchito ina imene siilembedwa pa ndondomeko. Umakumanitsa abale amene akhala akuzembana. Munthu angakane kubwera ku ukwati, angatumize ndalama chabe ku maliro, koma pa Nc'wala amabwera, ndipo pagulu paja amangoona kuti waima maso ndi maso ndi mwana wa amayi ake.

Zoterezi zinachitikira mayi wina wa mumpingo mwathu ndi mlongo wake wokhala ku Lusaka. Awiriwa sanalankhulane zaka 11. Chimene anayambanirana timachidziwa, koma sitichinena pano, pakuti phunziro la lero n'lomweli. Anakumana, analira, madzulo anadyera pamodzi chimanga chachiwisi ndi maungu, ndipo mwana wamkazi wa mayiyo anawajambula pa foni. Chithunzi chinatuluka bwino. Vuto linabwera pamene anafuna kuchiika pa WhatsApp kuti achibale a ku Lusaka, ku Kitwe ndi a ku Mchinji achione. Alembepo chiyani pansi pake? Lamlungu titatuluka m'tchalitchi anatipeza, nati, “Aphunzitsi, tipatseniko vesi loti tiike apa.” Tinakhala pansi pa mtengo, ife, mayiyo ndi mwana wake, ndipo mzere umodzi unatitengera pafupifupi ola lathunthu.

Mawu oyamba amene anali atalemba kale anali akuti, “Pambuyo pa zaka 11, lero ndawakhululukira.” Mayiyo anawalemba ndi mtima wabwino. Koma ife amene tinathera zaka zathu pa bolodi ndi choko tili ndi chizolowezi chofunsa kuti, m'chiganizo ichi wochita ndani, nanga wochitiridwa ndani? Kamawu kakuti “nda-” kaika mayiyo pampando wa woweruza. Ngati iye wakhululuka, ndiye kuti winayo ndiye analakwa, ndipo aliyense woona chithunzicho wauzidwa kale mmene mlandu unathera. Mlongo uja akanatsegula foni yake m'basi yobwerera ku Lusaka n'kupeza kuti wagamulidwa pamaso pa ana ake.

Mwana uja anati, “Nanga tikalemba kuti takhululukirana?” Wophunzira wabwino ameneyo, pakuti “-ana” amagawa katundu pakati. Komabe mawuwo akulengeza kuti panali mlandu, ndipo mlandu ukalengezedwa anthu amafuna kuumva. Pasanathe ola wina akanafunsa kuti, kodi zinatha bwanji zija? Wina n'kuyankha mmene iye anamvera, wina n'kumuwongolera, ndipo nkhani imene eni ake anaisiya dzulo ikanayambiranso m'manja mwa anthu amene sanalire nawo.

Ndiye panabwera mawu amene timawaona kwambiri masiku ano: “Adani achita manyazi lero.” Awa ndiwo oopsa kuposa onse, ngakhale amamveka ngati achipembedzo. M'banja, mdani wosatchulidwa dzina amakhala ndi nkhope. Mlamu amadziwa kuti akunena iye. Apongozi amadziwanso. Mwagwirizana ndi munthu mmodzi, koma mwabaya atatu, ndipo mmodzi wa iwo ndi amene mlongo wanu akagone naye nyumba imodzi usiku womwewo.

Za vesi lija, tiyenera kuvomera kuti ifenso tinatsala pang'ono kulakwitsa. M'mutu mwathu munabwera Genesis 50:20, pamene Yosefe akuuza abale ake kuti choipa chimene anamukonzera Mulungu anachisandutsa chabwino. Vesi labwino zedi. Koma taganizani: woliika pansi pa chithunzi wadziyesa Yosefe, ndipo mnzake wam'chithunzicho wasanduka mmodzi wa ogulitsa m'bale. Mwana wolowerera wa pa Luka 15 n'chimodzimodzi. Ndani amafuna kulembedwa kuti ndiye uja ankaweta nkhumba? Malemba akhoza kugwiritsidwa ntchito ngati nthungo, ndipo munthu wobayidwa ndi vesi amasowa poyankhira.

Apa m'pamene tinatsegula Genesis 33. Yakobo anakhala kwa Labani zaka 20, atathawa mkwiyo wa Esau. Pobwerera anamva kuti mkulu wake akubwera ndi amuna 400, ndipo anachita mantha kwambiri. Anatsogoza mphatso ya ziweto zoposa 500, ndipo poyandikira anawerama mpaka pansi kasanu ndi kawiri. Esau anathamanga, namukumbatira, namupsompsona, ndipo onse awiri analira. Tsopano werengani mosamala zimene anakambirana. Esau anafunsa za akazi ndi ana amene anawaona. Anafunsa za ziweto zija. Anayamba wakana mphatso, ponena kuti ali nazo zokwanira, kenaka anailandira atakakamizidwa. M'chaputala chonsecho simupeza mphodza zija, simupeza zikopa za mbuzi zimene Yakobo anavala ponamiza atate ake. Onse awiri ankakumbukira. Palibe amene anatchula.

Onaninso kuti sananamizire kuti zonse zabwerera mwakale. Esau anapempha kuti ayendere limodzi, Yakobo anapepesa chifukwa cha ana ndi ziweto zoyamwitsa. Esau anabwerera ku Seiri, Yakobo anapita ku Sukoti. Tinamuonetsa mayi uja zimenezi chifukwa mawu ena amene anawaganizira anali akuti, “Zonse zatha, tabwerera mwakale.” Tsiku limodzi la misozi silinafike pamenepo. Mukalemba zoposa zimene zachitika, mnzanuyo amamva ngati mwamusainira pepala limene sanawerenge, ndipo pakabuka kakusamvana kena mwezi wamawa, manyazi amakula chifukwa munalengeza.

Kenaka pali Genesis 35:29. Isake atamwalira ali ndi zaka 180, wolemba akutiuza m'mzere umodzi kuti ana ake awiri anamuika m'manda. Akutchula Esau poyamba, Yakobo pambuyo. Ife timauona mzere umenewu ngati mawu a pansi pa chithunzi. Ukunena amene analipo ndi chimene anachita pamodzi. Mkulu wapatsidwa malo ake a ukulu, ngakhale owerenga tonse tikudziwa kumene ukuluwo unapita. Wodziwa mbiri ya awiriwa akawerenga amapuma mozama. Wosaidziwa amangoona ana awiri akuika atate awo, ndipo palibe chimene wataya.

Pomaliza mayi uja analemba izi: “Alongo anga ndi ine ku Mtenguleni. Papita nthawi. Tikuthokoza Mulungu.”

Taonani mmene mawuwa akugwirira ntchito. “Alongo anga” ndiwo anyamula zonse, pakuti kwa zaka 11 mayiyu ankangoti “aja a ku Lusaka.” Achibale atangoona mawu awiriwo anamva uthenga wonse. “Papita nthawi” akuvomera kuti panali mpata, osanena amene anaukumba. Munthu wachilendo angaganize kuti ndi mtunda ndi mtengo wa basi chabe. Chiwerengero cha 11 tinachichotsa, chifukwa amene wawerenga zaka amaoneka ngati wasunganso kaundula wa zina. Ndipo “tikuthokoza” ndi mawu a anthu awiri.

Muyeso umene tinagwiritsa ntchito ndi wosavuta, ndipo mungauyese nokha. Funsani kuti, kodi mnzanga wam'chithunzichi angathe kutenga mawu omwewa n'kuwaika pa foni yake osasintha kanthu? “Ndawakhululukira” sangawatenge. “Adani achita manyazi” sangawaonetse kwa mkazi wake. Koma awa omalizawa akanatha kuwalemba iye mwini.

Panatsala chinthu chimodzi chimene mwana uja sanachikonde, chifukwa achinyamata amafuna kutumiza nthawi yomweyo. Tinati chithunzi chili ndi nkhope ziwiri, choncho chili ndi eni awiri. Mwanayo anapita kumene anagona malume wake, nagwada, nati, “Amalume, amayi akuti muone izi. Akuti ngati simufuna sitiika.” Bamboyo anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, “Ikani. Munditumizirenso ine.” Akanati dikirani, kukanakhala kudikira. Pa WhatsApp chithunzi chotere chimachoka chokha pakapita maola 24, koma pali achibale amene amachisunga m'foni mwawo, ndipo mawu olakwika akhoza kutulukanso pa maliro zaka zisanu kutsogolo.

Mafunso anabwerabe, monga mwa anthu. Msuweni wina analemba kuti, “Kodi nkhani ija munaikamba?” Mayiyo anayankha kuti, “Tinaonana bwino, zikomo,” ndipo sanawonjezere. Miyambo 17:9 imatichenjeza kuti kubwerezabwereza nkhani kumalekanitsa anthu okondana, pamene kuphimba cholakwa n'kufunafuna chikondi. Kumeneku si kunama. Kunama kukanakhala kunena kuti sipanakhalepo kanthu.

Tisamvane molakwika, okondedwa. Kusatchula mlandu pagulu sikutanthauza kuti mlanduwo usakambidwe konse. Ngati pali munda umene malire ake sanagwirizanidwe, kapena ng'ombe za masiye zimene sizinabwezedwe, zimenezo zili ndi malo ake: m'nyumba, pamaso pa akuluakulu a banja, kapena kwa anduna. Ndipo ngati wina anapwetekedwa m'thupi kapena akuopsezedwabe, musamuumirize kumwetulira pa chithunzi kuti banja lioneke bwino. Ambuye pa Mateyu 18:15 akutituma kwa m'bale wathu patokha poyamba. Ambiri a ife timatembenuza: pagulu timanena zonse, pawiri sitinena kanthu.

Mudzadziwa kuti mawu anu apweteka ngati mnzanuyo waona chithunzi koma wakhala chete, kapena ngati oyankha akukamba za mkangano m'malo mwa nkhope ziwirizo. Zikatero chotsani msanga, ndipo muimbireni foni. Musalembe mawu ena ofotokoza oyambawo.

Bambo uja anakwera basi ku Chipata Lolemba m'mawa. Madzulo ake chithunzi chija chinaonekera pa foni yake, ndi mawu omwewo, osasintha ngakhale chilembo, pakuti m'chinenero chathu “alongo anga” amanena mwamuna ndi mkazi yemwe. Lachitatu anaimba foni. Anakamba mphindi zinayi, za mvula ndi za denga la nyumba ya malemu amayi awo limene layamba kudontha. Za zaka zija sanakambebe, ndipo mayiyo akuti mwina adzakamba pokolola, bamboyo akadzabwera ndi malata.