Kasungidwe ka Mazira: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Nthambi



Ambiri a ife tikatola dzira lazitosi timathamangira kulitsuka, poyesa kuti ndiwo ukhondo. Koma madziwo ndiwo afupikitsa moyo wa dzira.

Chigoba cha dzira chili ndi timabowo zikwizikwi tosaoneka ndi maso, topitira mpweya. Nkhuku ikamaikira, dzira lituluka lonyowa ndi kanthu konanda kamene kauma msanga ndi kutseka timabowoto. Tikatsuka tichotsa chotsekeracho. Choipa koposa ndi madzi ozizira: zam'kati mwa dzira zikazizidwa zikhwinyata, ndipo zikokera madzi akudawo m'kati pamodzi ndi tizilombo ta m'zitosi, monga Salimonela, totsegula m'mimba. Kunja dzira lawala, m'kati kuwola kwayamba.

Tiyerekeze kuti mayi watola mazira 30 m'mwezi wa Okutobala. Mazira 24 ndi oyera, 4 ali ndi zitosi, 2 ndi ong'aluka. Ong'alukawo asasungidwe: ngati ang'aluka kumene aphikidwe lero lomwe kufikira atalimba, apo ayi atayidwe. Azitosiwo awapukute ndi kansalu kouma. Litsiro likakanika, atsuke ndi madzi otenthera kuposa dziralo, osaviika, ndipo akhale ndiwo za lero. Otsala 24 asaone madzi. Awaike mu thireyi kapena m'dengu la mankhusu, kosongoka kuloza pansi, m'chipinda chozizira kutali ndi moto. M'nyengo yozizira akhoza kukhala masabata awiri, koma m'chilimwe chotere ife tinena kuti athe sabata lisanapite.

Amene ali ndi firiji angasunge mazira masabata 3 kufikira 5, pa madigiri 4, m'kati mwenimweni osati pachitseko. Koma dzira likalowa m'firiji likhale momwemo. Likatulutsidwa pofunda lichita thukuta, ndipo chinyezicho chithandiza tizilombo kulowa. Lisakhale panja kupitirira maola 2. Tsono kumene magetsi azimazima tsiku lonse, ife tiona kuti dengu liposa firiji, malinga mazirawo akhale osatsuka.

Ngakhale maiko asiyana pa nkhaniyi. Ku Amereka mazira a m'mafamu aakulu atsukidwa ndi makina, ndipo lamulo likakamiza kuwasunga pozizira. Ku Mangalande mazira a giredi yoyamba saloledwa kutsukidwa, ndipo agulitsidwa pa shelefu chabe.

Mukakayika dzira, liikeni m'madzi nthawi yophika itakwana. Latsopano ligona pansi, lokhalitsa liimirira, loyandama litayeni, pakuti mpweya wachuluka m'kati. Koma madzi auza za msinkhu chabe, Salimonela samuonetsa. Chifukwa chake dzira lililonse liswedwe palokha m'kambale, linunkhizidwe, ndi kuphikidwa kufikira litalimba, makamaka la ana, okalamba ndi amayi oyembekezera.