Mpando Ukapita kwa Mnzako

Mphunzitsi wina wa kuno ku Misuku anadza kwa ine ali wosweka mtima. Ukulu wa sukulu umene ankauyembekezera unapatsidwa kwa mnzake. Anati, “Abambo, mawa ndikawauza chiyani?”

Ndinamuyankha motere. Pitani nokha, mawa lomwelo m'mawa, pakuti mukachedwa anthu adzayamba kumasulira kukhala chete kwanu. Atchuleni ndi udindo wao watsopano, ndipo kumbutsani ntchito imodzi imene anaichitadi bwino. Munene kuti, “Aphunzitsi aakulu, ndikukufunirani zabwino zonse. Ndinaona m'mene munakonzekeretsera ana a Sitandade 8 ku mayeso. Pamene mudzandifune, ine ndilipo.” Mulekere pomwepo.

Musanene kuti “mwachita mwayi,” chifukwa mau amenewo amafafaniza thukuta la munthu. Musanenenso kuti “ndakondwa kwambiri” pamene mtima ukuwawa, pakuti nkhope idzakutsutsani. Akakufunsani za inu, yankhani zoona mwachidule: “Ndinkaufunadi, koma tigwira ntchito limodzi.”

Abale anga, mau ochepa koma oona adzakulolani kupatsana moni mosachita manyazi tsiku ndi tsiku.