Chikwangwani cha zilembo 150: momwe wamalonda wa pa Chitakale angadzifotokozere pa Instagram

*Mawu otsatirawa adayankhulidwa kwa amalonda ang'onoang'ono a pa Chitakale, ndipo asindikizidwa pano kuti afikenso kwa anthu a m'wadi muno omwe sadakhale nawo pa zokambiranazo.*



Munthu wogulitsa zinanazi m'mphepete mwa msewu pa Chitakale safuna chikwangwani. Woyendetsa galimoto wochokera ku Muloza kapena wokhotera ku Likhubula amaona yekha mulu wa zipatsozo, amaona mwini wake, amatsitsa galasi ndi kufunsa mtengo. Malonda ndi m'maso. Koma wogula wa ku Limbe amene wapeza tsamba la wamalonda yemweyo pa Instagram saona msewu, saona mulu, ndipo alibe womufunsa. Chomwe amaona poyamba ndi dzina, kachithunzi kozungulira ndi mizere yochepa yolembedwa pansi pake. Mizere imeneyi imalembedwa pamalo otchedwa `Bio`, ndipo Instagram imalola zilembo 150 zokha. Mpata wapakati pa mawu umawerengedwa ngati chilembo, chimodzimodzinso mpumiro uliwonse.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Wobwera patsamba sakhalitsa, pakuti bandulo yake ikutha ndipo masamba ena akumudikira. M'kanthawi komwe waimako amafuna mayankho a mafunso atatu: pano pakugulitsidwa chiyani, kodi malondawa akundiyenera ine, nanga ndingagule bwanji. Zilembo 150 zija zikwanira mayankho atatuwa, koma sizikwanira mayankhowa pamodzi ndi mbiri ya moyo wa mwini tsamba.

Nachi chitsanzo choyerekeza. Mayi wina amagula zinanazi kwa alimi a m'mphepete mwa phiri, ndipo amafuna kupeza anthu ozipikula m'tauni. Patsamba pake adalemba motere:

```
Mayi wa ana atatu
Kulimbikira kumapindula
Malonda osiyanasiyana, DM
```

Mawuwa ndi oona, ndipo alibe chochititsa manyazi. Vuto lake n'lakuti sayankha funso ngakhale limodzi mwa atatu aja. "Malonda osiyanasiyana" akhoza kukhala zitenje, makala kapena nkhuku. Dera silikutchulidwa, choncho wowerenga sadziwa ngati mayiyu ali ku Mulanje kapena ku Mzuzu. Ndipo kumuuza munthu kuti atumize uthenga, osamuuza choti alembemo, n'kumusenzetsa ntchito yomwe mwini malonda akadagwira yekha.

Mzere woyamba uyenera kutchula katundu ndi dzina lake lenileni, lomwe wogula amalitchula pamsika. Wogulitsa zinthu zisanu asankhe chimodzi kapena ziwiri zomwe zimamubweretsera ndalama zambiri, zotsalazo zioneke m'zithunzi. Kwa mayi uja mzerewu ungakhale wakuti "Zinanazi za ku Mulanje zopikulitsa, kuyambira 20". Dzina la Mulanje lili pamenepo mwadala, chifukwa anthu a m'tauni amadziwa kale kuti boma lino ndi kwawo kwa zinanazi, ndipo dzinalo limachita zomwe mawu ngati "zokoma" ndi "zapamwamba" sangachite. Aliyense amati zake n'zokoma, koma si aliyense angati zake n'za ku Mulanje. Nambala ya 20 nayo ili ndi ntchito yake: ikuuza wofuna chinanazi chimodzi kuti pano si pake, ndipo mayiyu satayanso nthawi ndi bandulo kuyankha anthu omwe sangawatumizire katundu.

Mzere wachiwiri unene za wogula. Apa ndi pamene amalonda ambiri amazengereza, poopa kuti akatchula gulu limodzi athamangitsa ena onse. Koma tsamba lolembera aliyense silikopa aliyense. Mayi wa pamsika wa Limbe akawerenga kuti "Kwa ogulitsa m'misika ya Limbe ndi Blantyre" amadziwa nthawi yomweyo kuti akunenedwa ndi iyeyo, ndiponso kuti katundu amafika kudera lake. Mzere umodziwu wanena zinthu ziwiri, mtundu wa wogula ndi malire a ulendo wa katundu. Wamalonda asatchule dera lomwe sadayambe watumizako katundu. Kulemba kuti "dziko lonse" pamene njira yokhayo yomwe akuidziwa ndi minibasi ya ku Limbe n'kulonjeza chinthu chomwe chidzamuchititsa manyazi tsiku lomwe wogula wa ku Karonga adzaoda.

Chilankhulo cha mizereyi chimatsatiranso wogula. Wopikula wa ku Limbe amawerenga Chichewa, ndipo mawu ngati "kupikula" ndi "kuoda" ndi ake a tsiku ndi tsiku. Koma mnyamata woperekeza alendo kukwera phiri kudzera ku Likhubula, amene ambiri mwa makasitomala ake ndi ochokera kunja, ayenera kulemba m'Chingerezi. Kusakaniza zilankhulo ziwiri m'zilembo 150 kumatha malo, ndipo palibe chomwe chimanenedwa mokwanira.

Mzere wachitatu ndi wa kaodedwe, ndipo uyenera kupereka njira imodzi yokha. Wogula akapatsidwa njira zinayi, kuimba foni, kutumiza uthenga, kulemba pansi pa chithunzi kapena kubwera pamsika, maoda amamwazikana ndipo ena amaiwalika. Poti amalonda ambiri kuno amakambirana kale ndi makasitomala awo pa WhatsApp, njira yosavuta ndi imeneyo. Mzerewu unenenso za nthawi, chifukwa chinanazi chakupsa sichidikira. Bio yonse ya mayi uja ikhala motere:

```
Zinanazi za ku Mulanje zopikulitsa, kuyambira 20
Kwa ogulitsa m'misika ya Limbe ndi Blantyre
Odani pa WhatsApp pofika Lachitatu, katundu Lachisanu
```

Mzere woyamba uli ndi zilembo 48, wachiwiri 43, wachitatu 53. Zonse pamodzi ndi 144, ndipo kudumphira pamzere watsopano kawiri kukawonjezedwa zikukwana 146. Zatsala zinayi zokha. Nambala ya foni ilibe malo, mtengo ulibe malo, ndipo zimenezi sizolakwika, pakuti zonse ziwiri zili ndi kwawo.

Nambala ya foni yolembedwa mu bio sidinika. Wogula amayenera kuikopera payekha, ndipo ena amasiyira pomwepo. Malo ake oyenera ndi pa `Links`, pansi pa `Edit profile`, pomwe kuyambira chaka cha 2023 Instagram imalola malinki mpaka asanu. Linki ya WhatsApp imalembedwa motere:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX
```

Pamalo pa zilembo za X pamalowa nambala ya wamalonda, koma ziro woyambirira amachotsedwa ndipo chizindikiro cha + sichilembedwa. Nambala ya Airtel yoyamba ndi 099 imayamba ndi 26599, ya TNM yoyamba ndi 088 imayamba ndi 26588. Cholakwika chofala n'kusiya ziro uja pakati, n'kulemba 265099. Linki yotere imaoneka yabwinobwino koma siifikitsa munthu kwa mwini malonda, ndipo mwiniyo akhoza kukhala miyezi akudabwa chifukwa chomwe maoda sakubwerera. Choncho linki ikaikidwa, iyesedwe pafoni ya munthu wina tsiku lomwelo. Ngakhale malo alipo asanu, linki imodzi ndi yokwanira kwa amene bio yake yatchula njira imodzi.

Mtengo usalowe mu bio chifukwa umasintha ndi nyengo komanso mtengo wa mayendedwe, ndipo mtengo wakale woiwalika pamenepo umabala mkangano. Malo ake ndi pa chithunzi cha katundu wa sabata imeneyo, kapena m'kukambirana pa WhatsApp. Kumeneko n'komwenso kuyenera kunenedwa za malipiro. Wogula wakutali amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kwa munthu yemwe sadamuonepo, ndipo dzina lomwe limatuluka pafoni yake likasiyana ndi lomwe amayembekezera, amaganiza kuti wakumana ndi wakuba. Ngati nambala yolandirira ndalama idalembetsedwa m'dzina la amuna awo a mayi uja, mayiyo anene zimenezi wogula asanatumize.

Pali malo enanso amodzi omwe ambiri amawawononga. Pamwamba pa bio pali `Name`, yomwe ndi yosiyana ndi `Username`. Munthu akalemba mawu pamalo ofufuzira pa Instagram, mayina awiriwa ndi ena mwa zinthu zoyamba zomwe makinawo amayang'ana. Wogula amene sadziwa dzina la mayi uja sangalilembe. Adzalemba dzina la chipatso kapena la dera. N'chifukwa chake pa `Name` pakuyenera mawu onga awa:

```
Zinanazi Mulanje | Pineapples Chitakale
```

Apa pokha zilankhulo ziwiri zikuthandiza, chifukwa ofufuza ena amalemba m'Chichewa, ena m'Chingerezi. Zilembo zokongoletsa zopindikapindika zomwe achinyamata amakopera pa intaneti zipewedwe, pakuti makina ofufuzira kawirikawiri saziwerenga ngati zilembo wamba, ndipo pa mafoni ena zimaoneka ngati timabokosi. Dzinali liganiziridwe bwino lisanalembedwe, chifukwa Instagram imalola kulisintha kawiri kokha m'masiku 14. Tsambalo likhalenso lotsegukira aliyense. Likakhala lotseka, wogula amawerenga bio koma saona chithunzi ngakhale chimodzi cha katundu.

Kudziwa ngati bio ikugwira ntchito sikufuna ukatswiri. Wamalonda apatse foni munthu amene sadziwa malonda ake, awerenge kamodzi, kenaka abweze foniyo ndi kuyankha mafunso atatu aja. Funso lomwe walephera kuyankha likuloza mzere wofunika kukonza. Umboni wina uli m'mauthenga obwera. Ngati anthu akufunsabe kuti "muli kuti?", dera silikumveka. Ngati akufunsa mtengo wa chinanazi chimodzi, mawu a kupikulitsa sakuoneka bwino. Bio yolembedwa bwino imasintha uthenga woyamba wa wogula, kuchoka pa moni wopanda mutu kufika pa "ndikufuna 40 za Lachisanu lino".

Komabe mizere itatuyi ili ndi malire ake. Siibweretsa anthu patsamba. Imangogwira amene afika kale. Kwa wamalonda amene makasitomala ake onse ndi oyenda pansi a pa Chitakale pomwe pano, phindu lake n'lochepa. Ndipo zomwe zalembedwamo ndi lonjezo. Amene walemba kuti katundu amafika Lachisanu aonetsetse kuti Lachisanu minibasi yanyamuka ndi katunduyo. Zinanazi zikatha m'minda, mzere woyamba usinthidwe tsiku lomwelo, palowe mapeyala kapena nthochi ngati ndizo zilipo, kuopera kuti wina angatumize ndalama za katundu amene kulibe.

Pempho kwa wamalonda aliyense amene ali ndi tsamba n'lakuti lero lomwe, asanagwire foni, atenge pepala ndi cholembera, alembe mizere yake itatu, awerenge zilembo zake chimodzichimodzi, ndipo aonetse mnzake wa pabenchi yoyandikana nayo asanaiike pa intaneti.