Dola ya pakamwa ndi dola ya m'manja

Uthengawu ndi wa inu amene mumagwira ntchito m'nyumba za ku Borrowdale, ku Avondale ndi ku Hatfield, komanso inu amene mwakwera mabasi kuchokera kumafamu a ku Mazowe, ku Goromonzi ndi ku Marondera n'kudzatsikira pano pa Mbare Musika. Ambiri a inu polembedwa ntchito munauzidwa malipiro anu m'madola a ku Amereka, ndipo mitima inakhala pansi. Koma malipiro otchulidwa m'madola ndi malipiro olandiridwa m'madola n'zinthu ziwiri zosiyana. Makolo athu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kuti mudziwe ngati malipiro anu ali pamphuno kapena pachala, pali mafunso atatu ofunika kuwayankha: adzandilipira m'ndalama iti, pa mtengo wosinthira uti, ndiponso wa tsiku liti?

Tiyambe ndi nkhani ya mayi wina wogwira ntchito ya m'nyumba, amene tingomuyerekeza. Iye anagwirizana ndi abwana ake kuti azilandira madola 120 pa mwezi, koma abwanawo anawonjezera kuti, "kapena ndalama ya ZiG yofanana nawo pa mtengo wa kubanki." Mawu amenewa amamveka ngati opanda vuto. Ndalama ya ZiG itayamba pa 5 Epulo 2024, dola imodzi inkagulidwa ndi ZiG 13.56, ndipo pofika Sepitembala chaka chomwecho mtengo wa kubanki unali pafupifupi 14. Motero mayiyu ankalandira ZiG 1,680, ndiko kuti 120 kuchulukitsa ndi 14. Pa pepala panalibe chimene chinaperewera. Koma mwini nyumba imene amachita lendi ku Mbare amafuna madola enieni, ndipo amene amamugulitsa tomato ndi makala amawerengera mtengo wa pamsewu, umene pa nthawiyo unali utapitirira kale 20. Ndalama zija zikafika pamsika zinkangogula katundu wa madola 84 kapena kucheperapo. Kusiyana kwa mitengo iwiriyi kunkadya gawo la malipiro ake mwezi ndi mwezi, popanda munthu womubera poyera.

Kenaka pa 27 Sepitembala 2024 banki yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya ZiG tsiku limodzi, ndipo dola inachoka pa 14 n'kufika pafupifupi 24. Tiyerekeze kuti mayiyu anali atasunga ZiG 1,680 mufoni yake kuti adzalipire fizi ya mwana. Gawani 1,680 ndi 24, mupeza 70. Pa mtengo wa kubanki womwewo, madola 120 anasanduka 70 iye ali kukhitchini, osagula kanthu.

Apa mpamene funso la tsiku limalowera. Tiyerekeze kuti malipiro ake anayenera kutuluka pa 25 Sepitembala, koma abwana anachedwa n'kulipira pa 30, akuwerengera mtengo wa pa 25. Iye akanalandira ZiG 1,680, pamene pa mtengo wa tsiku lolipiralo anayenera kulandira pafupifupi 2,880. Masiku asanu okha akanamutayitsa ZiG 1,200. Ndalama ikamagwa, amene amachedwa kulipira ndiye amapindula, ndipo amene amadikira ndiye amataya.

Choncho chitetezo choyamba chili m'pangano lanu. ZiG ndi ndalama yovomerezeka m'dziko lino, ndipo ngati pangano silinena bwino za ndalama imene mudzalandire, kudzakhala kovuta kutsutsa abwana amene akukulipirani nayo. Lamulo la ntchito la Zimbabwe, m'gawo 12, limalamula wolemba ntchito kukupatsani mfundo za ntchito yanu zolembedwa, kuphatikizapo malipiro ndi nthawi yake yolipirira. Pemphani kuti palembedwe momveka kuti malipiro ndi madola a ku Amereka akutiakuti, operekedwa m'manja kapena m'akaunti ya madola. Abwana akanena kuti sangathe kupereka zonse m'madola, gwirizanani magawo, mwachitsanzo madola 90 enieni ndi madola 30 m'ZiG, ndipo palembedwe kuti gawo la ZiG liziwerengedwa pa mtengo wa tsiku limene ndalamayo yafika m'manja mwanu. Mtengo wa kubanki umalengezedwa poyera tsiku lililonse la ntchito, ndipo kuufunsa musanasayine kuti mwalandira si chipongwe ayi.

Gawo 12A la lamulo lomweli limanena kuti malipiro azitsagana ndi pepala losonyeza zimene mwalandira ndi zimene zadulidwa. M'nyumba zambiri pepalali silioneka n'komwe. Zikakhala choncho, gulani kope laling'ono. Mwezi uliwonse lembani deti, ndalama imene mwalandira, mtundu wake ndi mtengo umene awerengera, kenaka abwana asayine. Mauthenga a mufoni osonyeza ndalama yolowa musawafute. Tsiku la mlandu, kope limenelo ndilo lidzakuyankhulireni.

Mfundo yachiwiri ikukhudza kwambiri inu a kumafamu, amene nthawi zina mumauzidwa kuti, "Tikusungirani, mudzalandira zonse tikagulitsa fodya." Kumbukirani zimene zinachitika mu 2019. Mu Novembala 2016 boma linatulutsa ndalama za bondi n'kunena kuti bondi imodzi ikufanana ndi dola imodzi. Mu Febuluwale 2019 kunabwera dola ya RTGS, ndipo lamulo lotchedwa SI 33 linanena kuti ngongole za m'dziko muno zimene zinawerengedwa m'madola a ku Amereka tsopano zasanduka madola a RTGS, imodzi kwa imodzi. Mu Januwale 2020 khoti lalikulu la apilo linatsimikiza zimenezi pa mlandu wa kampani ya Zambezi Gas. Pa nthawi imeneyo dola imodzi ya ku Amereka inkagula madola a RTGS pafupifupi 17 kubanki. Tanthauzo lake nali: wantchito amene abwana ankamusungira madola 300 kuyambira 2018 akanatha kupatsidwa RTGS 300, ndalama yosakwana madola 20 enieni, ndipo ngongole n'kuthera pomwepo.

Malipiro amene simunalandire ndi ngongole imene inu wosauka mwakongoza munthu wolemera, popanda chiwongola dzanja. Ndalama ya dziko ikasintha, ngongoleyo ndiyo imayamba kusungunuka. Lolani kuti akusungireni bonasi ya pokolola ngati ilipo, koma malipiro a mwezi muzilandira mwezi womwewo. Akayamba kuunjikana, musadikire chilimwe. A kumafamu pitani ku bungwe la GAPWUZ kapena ku khonsolo ya zantchito ya zaulimi, ya NEC. A m'nyumba pitani ku bungwe la ZDAWU kapena kwa ofesala wa zantchito wa boma. Dziwani kuti lamulo limapereka zaka 2 zokha zokasumira kuchokera pamene mkangano unayamba. Zikadutsa, ofesala angathe kukana kumva nkhani yanu.

Mfundo yachitatu ndi ya mmene mungagwiritsire ntchito zimene mwalandira. Lamulo lake n'losavuta: ndalama yofooka ituluke msanga, yolimba itsale. Gawo la ZiG liyambe ndilo kupita kumene amalilandira pa mtengo woyandikira wa kubanki, monga magetsi a ZESA, bilu ya madzi ya khonsolo ndi masitolo akuluakulu. Gulani nalo ufa, mafuta ophikira, sopo ndi shuga sabata yomweyo. Madola asungeni kuti alipire lendi, atumizidwe kumudzi ndiponso akhale a pangozi. Ngati muli m'chipereganyu, chimene anzathu kuno amachitcha mukando, chikhale cha madola, popeza m'chipereganyu cha ndalama yakugwa, wolandira pomaliza ndiye amalipirira anzake onse.

Osintha ndalama a pamsewu amatchula mtengo wokoma, koma ntchito yawo njoletsedwa, ndipo mu 2024 ZiG itangoyamba apolisi anamanga ambiri mu Harare muno. Kumeneko n'kumenenso ndalama zachinyengo zimalowera m'matumba a anthu. Polandira malipiro, yang'anani pepala lililonse pa kuwala, ndipo long'ambika kapena lothimbirira kwambiri libwezeni pomwepo, chifukwa pamsika pano adzalikana kapena adzaligula motsika. Musasungenso zonse pamalo amodzi. Tonse tikukumbukira moto umene unanyeketsa msika wa Mbare Musika mu Okutobala 2024. Gawo lina likhale pobisika, lina m'chikwama cha madola cha mufoni kapena m'akaunti ya madola, koma yambani mwafunsa ndalama imene amadula potumiza ndi potapa, kuphatikizapo msonkho wa boma.

Chomaliza ndi kutumiza kumudzi, pakuti kwa ife alendo ndalama imasinthidwa kawiri. Mu Meyi 2022 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anatumiza madola 50 kutatsala tsiku limodzi, abale ake analandira pafupifupi K59,000. Amene anatumiza mawa lake, analandira pafupifupi K85,000. Koma mitengo ya feteleza, simenti ndi malata inakweranso mosachedwa, ndipo amene ankaunjika makwacha kwa mchimwene wake ku Dedza kapena ku Mangochi kuti adzamange nyumba anapeza kuti agula malata ochepa kuposa amene anawerengera.

Phunziro lake n'lomwe lija. Ndalama zosunga zikhale m'madola, ndipo kumudzi kuzipita ndalama imene ili kale ndi ntchito yake: fizi ya teremu ino, matumba a feteleza a chaka chino, malata oti agulidwe sabata yomweyo. Mukafika kwa otumiza ndalama monga Mukuru kapena Western Union, musangofunsa chindapusa chokha. Wina angadule chochepa koma n'kusintha pa mtengo woipa. Funso loyenera ndi limodzi: "Ndikapereka madola 50, zonse zitadulidwa, amayi anga alandira makwacha angati?" Funsani malo awiri, yerekezani mayankho, sungani lisiti. A ku Tete ndi ku Chipata funsani chimodzimodzi za metikali ndi kwacha ya Zambia. Kupatsira munthu wa basi yodzera ku Nyamapanda ndi ku Mwanza kulibe lisiti, ndipo ndalama ikasowa panjira palibe kokadandaula.

Mu 2023 boma linanena kuti madola apitiriza kugwira ntchito m'dziko lino mpaka chaka cha 2030, koma taona kale mu Juni 2019 kuti lamulo lotere lingasinthe tsiku limodzi. Choncho mwezi uno usanathe, khalani pansi ndi abwana anu mwaulemu, kope lili m'manja, ndipo mayankho a mafunso atatu aja alembedwe: ndalama iti, mtengo uti, tsiku liti. Amene kulemba kumamuvuta abwere ndi mwana wasukulu kapena mnzake wa m'bungwe kuti amuwerengere asanasayine.