Kukhala m'kalasi si kulembetsa mayeso: zomwe ndinaona pa potalo ya ku Jeremani

Ambiri mwandifunsa za kuzizira komanso ngati ufa umapezeka kumeneko. Zimenezo tikacheza panja. Pano ndikufuna ndikuuzeni za potalo, tsamba la pa intaneti la yunivesite, chifukwa ena mwa inu mukulemba makalata ofunsira malo kunja.

Kumene ndikuphunzira, palibe amene amamata ndandanda ya maphunziro pa bolodi ngati kuno. Zonse zili pa potalo, ndipo potaloyo imalankhula Chijeremani. Batani la Chingerezi lilipo ndithu, koma limangomasulira mitu ikuluikulu. Zimene aphunzitsi analemba okha zimatsala momwemo.

Sabata yoyamba ndinaona kuti phunziro langa alemba `Do 10–12 c.t.` Ndinadziwa kuti `Do` ndi Lachinayi, ngakhale poyamba ndinkasokoneza ndi `Di`, lomwe ndi Lachiwiri. Ndinafika 9:50, kupeza m'chipinda mulibe munthu. Mtima unagunda, ndimvekere ndasochera. Kenaka mnzanga wina anandiuza kuti `c.t.` ndiye kuti phunziro liyamba mphindi 15 mochedwerapo, ndipo 10–12 imeneyo ndi 10:15 mpaka 11:45. Koma mukaona `s.t.`, liyamba 10:00 yeniyeni. Apo ndinangotaya tulo basi.

Chimene chinandipweteka ndi ichi. Mu Okutobala ndinadina `belegen` pa maphunziro anga onse, ndipo anaoneka bwinobwino pa ndandanda yanga. Ndinkapita m'kalasi, kulemba manotsi, kuwerenga usiku. Ine ndinkaganiza kuti popeza dzina langa lili m'kalasi, ndiye kuti lilinso pa mayeso, monga zimakhalira kwathu kuno. Ayi ndithu. `belegen` amakupatsa mpando wokha. Mayeso ali ndi khomo lakelake, lotchedwa `Prüfungsanmeldung`, ndipo khomolo limatsegulidwa masabata owerengeka pakati pa semesita, kenaka n'kutsekedwa.

Anzanga atandikumbutsa, ndinalembetsa mothamanga tsiku lomaliza. Anayi analowa. Lachisanu ndinadina, koma sindinatsimikize pa tsamba lotsatira, poti foni ndinaitseka msanga. Ndinadzazindikira kumapeto kwa Januwale, mnzanga akundionetsa chipinda cholembera mayeso, pomwe pa potalo yanga panalibe kanthu. Ndinapita ku ofesi ya mayeso, ija amalemba kuti `Prüfungsamt`. Mayi amene ndinawapeza anandimvetsera mwaulemu, n'kunena kuti tsiku linadutsa. Phunziro lomwe ndinalivutikira miyezi inayi ndinakalemba semesita yotsatira.

Ndiye mudziwa bwanji kuti zalowa? Musakhulupirire ndandanda ya maphunziro. Tsegulani mndandanda wa mayeso omwe mwalembetsa, ndipo pa lililonse payenera kuoneka mawu oti `angemeldet`. Werengani ndi chala, limodzi limodzi. Mukatero sungani chikalata chotsimikizira chimene potalo imatulutsa, chifukwa ku ofesi mawu apakamwa sagwira ntchito.

Palinso mbali ina ya nkhaniyi. Mukalembetsa koma n'kuona kuti simunakonzeke, muyenera kudzichotsa pa potalo pomwepo tsiku lodzichotsera lisanadutse. Mukangokhala kunyumba popanda kalata ya dokotala, amakulemberani kuti mwalephera. Ndipo mwayi ndi wowerengeka. Pa maphunziro athu ndi katatu. Mukalephera komaliza phunziro lokakamiza, digiri imeneyo yathera pomwepo. Kwa ife alendo, amene chilolezo chathu chokhalira m'dzikomo chimadalira sukulu, imeneyo si nkhani yoseka.

Tsopano magiredi. Mu Malichi ndinatsegula tsamba la `Notenspiegel` n'kupeza 1,7 pa phunziro lina, 4,0 pa lina. Ndinasangalalira 4,0, poti mutu wanga unali ku magiredi aja amene 4 ndiye pamwamba. Kunali kusangalalira polakwika. Kumeneko 1,0 ndiye wopambana, n'kumatsika 1,3, 1,7, 2,0 mpaka 4,0, amene ndi kukhoza kopulumukira pakamwa pa ng'ona. 5,0 ndi kulephera. Inu amene mwalemba mayeso a Fomu 4 simungavutike: ndi ngati mapointi athu aja, ochepa ndiwo abwino. Koma kachizindikiro kali pakatipo kasakusokonezeni, iwo amalemba koma pomwe ife timaika kadontho.

Pambali pa nambala pamakhalanso zilembo: `BE` ndiye kuti mwakhoza, `NB` simunakhoze. Mayi anga nditawatumizira chithunzi cha zotsatirazo, anandiimbira usiku womwewo kufunsa kuti 1,7 yo ndi pa 100 kapena pa 10. Ndinawafotokozera mpaka mayunitsi awo anatha.

Amene muli ndi mafunso, foni ndabwera nayo, tiyeni titsegule potaloyo muone nokha.